Kukumbutsa abwana za tchuthi pamene ulendo wayandikira

Kukhala chete kwa abwana si chilolezo. Lamulo la ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000 limapatsa wogwira ntchito masiku 15 a tchuthi pachaka ngati amagwira masiku asanu pasabata, kapena 18 ngati amagwira masiku asanu ndi limodzi. Koma tsiku loyambira tchuthicho amakhazikitsa ndi olemba ntchito atakambirana ndi mwiniwakeyo, ndipo lamulo lomwelo limalola kuchotsa ntchito munthu wojomba popanda chilolezo ndiponso popanda chifukwa chomveka. Choncho wonyamuka asanayankhidwe amaika ntchito yake pachiswe.

Tiyerekeze kalaliki wa mu Lilongwe amene anapereka fomu ya tchuthi masabata awiri apitawo. Lachisanu ayenera kupita ku Mzuzu kuchinkhoswe, lero ndi Lolemba, yankho kulibe.

Asanalembe chilichonse, afufuze pamene fomuyo yaima. M'maofesi ambiri imayamba yasainidwa ndi womuyang'anira, kenako imapita ku ofesi yoona za antchito kukawerengetsa masiku otsala. Funso limodzi ku ofesiyo limasonyeza woyenera kukumbutsidwa. Kawirikawiri palibe amene wakana. Pepala langokwiririka patebulo.

Ngati fomu ili kwa womuyang'anira, ndi bwino kukaonana naye payekha, osati pamsonkhano kapena pakhonde anthu akumva. Tsiku lomwelo atumize uthenga waufupi wotere:

"Bwana, pepani pokusokonezani. Ndimati ndikukumbutseni za fomu yanga ya tchuthi cha masiku atatu, kuyambira Lachisanu lino kufikira Lachiwiri, imene ndinapereka masabata awiri apitawo. Lipoti la mwezi uno ndimaliza Lachinayi, ndipo zotsala ndakambirana kale ndi mnzanga wa muofesi muno kuti andigwirire. Ndingathokoze mutandiyankha pofika Lachitatu masana kuti ndigule tikiti ya basi. Ngati masikuwa avuta, ndingathe kubwerako Lolemba."

Mphamvu ya uthengawu ili pa tsiku la Lachitatu. Mawu akuti "mwamsanga" sauza abwana kanthu, pamene tsiku lotchulidwa pamodzi ndi chifukwa chake limawapatsa malire popanda kuwalamula. Kutchula wogwirizira ntchito kumayankhiratu nkhawa imene imachedwetsa siginecha nthawi zambiri. Mawu odandaula, monga akuti "simunandiyankhe mpaka lero", asalowemo, pakuti amachititsa munthu kuyamba kudziteteza mmalo mosaina. Kunena kuti tikiti yagulidwa kale nakonso kumamveka ngati kukakamiza.

Lachitatu likadutsa kuli zii, apite ku ofesi yoona za antchito kukafunsa amene angasaine mmalo mwa abwanawo, koma awadziwitse kaye, chifukwa kuwalumpha mwakachetechete kumawononga ubale kuposa kuchedwa kwa fomu. Akamuloleza pakamwa kuti "pitani", apemphe kuti asaine fomuyo, kapena alembe uthenga wothokoza wotchula masikuwo ndi kusunga yankho lake asanakwere basi.