Seva Imagwa Liti?

Akatswiri a makompyuta akamati "seva yagwa", mawuwa amamveka ngati akunena chinthu chimodzi choonekeratu, monga kugwa kwa mtengo. Koma pulogalamu yolondera webusaiti, imene imatumiza meseji ku foni ya katswiri, siona kugwa kulikonse. Iyo imangofunsa n'kudikira yankho. Choncho kugwa ndi chigamulo, ndipo meseji imakhala yaphindu pokhapokha chigamulocho chitafikidwa mosamala.

Funsolo lili ndi mitundu. Lamulo la `ping` limangofunsa ngati makina ali moyo, ndipo makina angayankhe bwinobwino pamene webusaiti ili chete. N'chifukwa chake mlonda wabwino amapempha tsamba lenilenilo n'kuwerenga nambala imene yabwera: `200` ndiye kuti zili bwino, pomwe `502 Bad Gateway` imasonyeza kuti seva ya pakhomo, monga nginx, ilipo koma pulogalamu ya kuseri kwake sinaiyankhe moyenera. Yankho likapanda kubwera m'masekondi oikika, ndiyo `timeout`, ndipo iyi ndi yokayikitsa kwambiri, poti vuto likhoza kukhala la netiweki ya panjira, seva ili bwinobwino.

Apa ndi pamene pulogalamu yolondera ya Nagios imagwiritsa ntchito mawu awiri othandiza, `SOFT` ndi `HARD`. Tiyerekeze kuti yatcheredwa motere:

```
check_interval      5
retry_interval      1
max_check_attempts  3
```

Mlondayu amafunsa pa mphindi 5 zilizonse. Tsamba likalephera 2 koloko usiku, vutolo limalembedwa `SOFT`, kutanthauza kuti n'longoganiziridwa, ndipo palibe amene amadzutsidwa. Pakapita mphindi imodzi amafunsanso, kenako kachitatu. Likalepheranso pa 2:02, vuto limasanduka `HARD`, meseji n'kunyamuka. Likayankha pa ulendo wachiwiri, nkhani imathera m'kaundula, katswiri ali m'tulo.

Ena anganene kuti mphindi ziwirizo n'zotayika, makamaka pa webusaiti imene anthu amalipirirapo ndalama. Mfundoyi ndi yomveka, koma ikuloza malo olakwika. Kuchedwa kwakukulu kuli pa mphindi 5 zija, chifukwa seva ikagwa mlonda atangochoka kumene, imakhala nthawi yonseyo popanda wodziwa. Wofuna changu achepetse pamenepo. Kuchotsa kutsimikiza kuli ndi mtengo wina: munthu amene wadzutsidwa pachabe kanayi sabata imodzi amayamba kutseka kulira kwa foni pogona, ndipo usiku umene seva idzagwedi meseji idzafika popanda woimva.

Nanga bwanji meseji, imelo ilipo? Meseji imafika ngakhale pa foni yopanda bandulo, pomwe imelo ya kampani mwina imadutsa pa seva yomweyo imene yagwa. Mlonda nayenso ayenera kukhala kunja, pa magetsi ndi netiweki zina, apo ayi adzazima limodzi ndi chimene akulondera. Meseji imodzi imanyamula zilembo 160 zokha, zokwanira dzina la seva, nambala ya vuto ndi nthawi imene linayamba, kuti katswiri adziwe poyambira asanatsegule n'komwe laputopu.