Loya akati "pro bono", atanthauza ciani?

Ambili a ife tikamva kuti loya watenga mlandu pro bono, timaganiza kuti zonse ni za mahala. Mau awa ni a Cilatini, ndipo onse pamodzi ni pro bono publico, kutanthauza "kaamba ka ubwino wa anthu onse". Loya amagwila nchito popanda kulipilitsa nthawi ndi nzelu zake, cifukwa aona kuti munthu wosauka akasowa womuimila, cilungamo ca dziko lonse cimafooka.

Mwambo uyu unayamba kale. Ku Roma, zaka 204 Yesu asanabadwe, lamulo lochedwa Lex Cincia linaletsa oimila anthu pa milandu kulandila mphatso. Panthawiyo kulankhulila mnzako pa bwalo inali nchito ya ulemu ya anthu olemela, amene anali kupeza kuchuka m'malo mwa ndalama. M'caka ca 47, mfumu Klaudiyo inalola malipilo, koma inaika malile. Uloya utasanduka nchito yodyelapo, funso linabuka lakuti wosauka adzamuimila ndani. Ku Mangalande, m'caka ca 1495, mfumu Henry VII inavomeleza lamulo lakuti wosauka asalipile ndalama za khoti ndipo apatsidwe loya waulele. Malamulo athu ambili anacokela kumeneko m'nthawi ya atsamunda.

Kuno ku Zambia, boma linakhazikitsa lamulo lothandiza osauka pa milandu m'caka ca 1967, ndipo lamulo latsopano linabwela mu 2021. Nchitoyi lelo ili m'manja mwa Legal Aid Board. Apa tisiyanitse bwino. Loya wa bungwe ili amalandila malipilo ku boma, conco si pro bono. Pro bono ni pamene loya amene amadalila ndalama za makasitomala asankha kugwila nchito osalipidwa ndi aliyense. Maloya athu nawonso anacitapo kanthu: bungwe lao, Law Association of Zambia, linayambitsa National Legal Aid Clinic for Women mu 1990 kuti azimai ndi ana apeze thandizo.

Tiyeni tione mmene izi zingakhalile ku Kanakantapa, m'boma la Chongwe, kumene boma linapatsa minda acinyamata osowa nchito ocokela m'tauni kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Acinyamata aja lelo ni makolo ndi agogo, ndipo nkhani za colowa zafika pakhomo.

Tiyelekeze kuti bambo wina wamwalila osalemba wilu, wasiya ng'ombe, ngolo ndi ndalama, zonse zokwana K100,000. Abale a mwamuna afuna kutenga zonse. Lamulo la colowa la 1989 limagawa motele: mkazi wamasiye K20,000, ana K50,000, makolo a malemu K20,000, ndipo ena amene anali kudalila malemu K10,000. Nyumba imakhala ya mkazi ndi ana, ndipo mkaziyo ali ndi ufulu wokhalamo mpaka imfa, pokhapo ngati wakwatiwanso.

Loya akavomela kuthandiza mai uyu pro bono, adzamufotokozela ufulu wake, kulemba makalata ndi kumuimila pamaso pa woweluza popanda kufuna ngwee. Koma pali ndalama zina zimene si za loya: zolipila polembetsa mapepala ku khoti, zoyendela kucoka ku Kanakantapa kupita ku Chongwe kapena ku Lusaka, ndi za munthu woŵelengela mtengo wa katundu. Izi nthawi zambili zimatsala pa mutu wa mwini mlandu, kupatulako ngati loya walonjeza kuzilipila. Cinanso, mlandu ukakuluza, khoti ingalamule kuti ulipile zimene mnzako wawononga, ngakhale kuti loya wako sanatenge kanthu. Ndipo nkhani ikapita ku khoti ya lokolo, dziŵani kuti pa milandu yotele maloya saloledwa kuimila munthu kumeneko. Loya angakukonzekeletse cabe, koma wolankhula udzakhala iwe.

Nanga tingadziŵe bwanji kuti thandizo ni loona? Coyamba, pemphani kalata yonena zimene loya adzacita ndi zimene mudzalipila mwekha. Caciŵili, funsani ku Law Association of Zambia ngati munthuyo ali ndi cilolezo ca caka cino cogwilila nchito ya uloya. Cacitatu, akakuuzani kuti ni mahala koma adzatengako gawo la munda kapena ng'ombe mukapambana, imeneyo si pro bono, ni malipilo obwela mocedwa.

Tikumbukilenso kuti loya amene wavomela mlandu waulele amamangidwa ndi malamulo amodzimodzi monga pa mlandu wolipidwa. Afunika kusunga cinsinsi canu, kufika ku khoti pa tsiku lake ndi kukuuzani mmene mlandu ukuyendela. Akalekelela nchito, muli ndi ufulu wokadandaula ku bungwe la maloya, ngakhale simunalipile kalikonse.