Msonkho umene umawerama: mbiri ya kukwera ndi kutsika kwa chuma pa Uliwa

Msika wa pa Uliwa umadziwa za chuma cha dziko boma lisanalengeze chilichonse. Uli pamsewu wa M1, kufupi ndi doko la Chilumba, ndipo ndalama za anthu osiyanasiyana zimakumana pamenepa: za mlimi wa mpunga wa ku Hara, za msodzi wa usipa, za msilikali, za mphunzitsi, za woyendetsa lole yochokera ku Dar es Salaam. Zinthu zikamayenda, malata ndi simenti sizichedwa m'sitolo. Zikayamba kuvuta, mayi amene ankagula botolo la mafuta ophikira amayamba kugula a m'kapepala, ndipo buku la ngongole la wagolosale limadzaza msanga.

Akatswiri a zachuma akhala akuphunzira za kusinthasintha kumeneku kuyambira 1862, pamene dokotala wa ku France, Clément Juglar, analemba kuti mavuto a malonda amabwera mobwerezabwereza. Akatswiri a pambuyo pake anapeza kuti chuma chimadutsa m'magawo anayi. Choyamba chimakula: ntchito zimachuluka, mabanki amakongoza, anthu amamanga. Kenako chimafika pachimake, pamene chilichonse chikuoneka chokoma koma mitengo yayamba kuthamanga ndipo ngongole zaunjikana. Chikatero chimalowa pansi: malonda amachepa, mabwana amachotsa antchito, ochotsedwawo amaleka kugula, ndipo ogulitsa nawonso amachotsa awo. Pomaliza chimagunda pansi penipeni n'kuyambanso kudzuka. Magawowa alibe kalendala ngati dzinja ndi chilimwe. Palibe amene amadziwa kuti ali pachimake kufikira atadutsapo, n'chifukwa chake akale anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Funso la nkhani ino ndi limodzi: chuma chikamalowa pansi, n'chiyani chimachepetsa ululu nthawi yomweyo, nduna zisanakumane, aphungu asanakhale pansi?

Msonkho wouma wa atsamunda

Agogo a anthu a ku Uliwa anakumana ndi kugwa kwakukulu kwa chuma kumene kunayambira ku Amereka mu 1929. Mitengo ya thonje, fodya ndi mbewu zina inagwa padziko lonse, ndipo ntchito za m'minda ya azungu zinachepa. Koma msonkho wa nyumba, masheleni 6 pa chaka, sunkayang'ana zimene munthu wapeza. Wokolola zambiri ndi wopanda kanthu ankalipira chimodzimodzi. Mtengo wa mbewu ukatsika ndi theka, mlimi ankayenera kugulitsa madengu awiri pamene kale ankagulitsa limodzi, kuti apeze masheleni omwewo. Msonkho wotere umalemera kwambiri pa nthawi imene munthu wafooka. Amuna ambiri a boma lino la Karonga, limene pa nthawiyo linkatchedwa North Nyasa, anawoloka Songwe kukagwira ntchito ku migodi ya golide ya Lupa ku Tanganyika.

M'zaka zomwezo mayiko olemera anaphunzira njira ina. Dziko la Britain linali litayamba kale inshuwaransi ya anthu ochotsedwa ntchito mu 1911, ndipo Amereka anatsatira mu 1935. Pang'onopang'ono zinaoneka kuti malamulo awiri amagwira ntchito yotchinjiriza chuma popanda wina kulamula. Loyamba ndi msonkho umene umakwera ndi kutsika malinga ndi zimene munthu wapeza. Lachiwiri ndi thandizo limene munthu amalandira chifukwa choti lamulo likumuyenereza, monga akachotsedwa ntchito. Chuma chikagwa, boma limatolera zochepa n'kupereka zambiri, motero ndalama zina zimatsalabe m'matumba a anthu. Chikakwera kwambiri, zimatembenuka: msonkho umachuluka, olandira thandizo amachepa, ndipo liwiro limabwezedwa. Tingazitche zotchinjiriza zodziyendera zokha.

Zaka za Kayelekera

Karonga inaona magawo onse anayi m'zaka zochepa chabe. Mu 2009 kampani ya Paladin ya ku Australia inatsegula mgodi wa yureniyamu ku Kayelekera, pa nthawi imene chuma cha Malawi chinkakula ndi maperesenti opitirira 7 pa chaka. Malendi a nyumba anakwera ku Karonga, ndipo malole a mgodi ankadutsa pa M1. Koma mu Marichi 2011 ngozi ya ku Fukushima ku Japan inagwetsa msika wa yureniyamu: mtengo umene unali pafupifupi madola 70 pa paundi unatsika kufika cha m'ma 35 pofika kumayambiriro kwa 2014. Chaka chomwecho cha 2011 fodya sanagulidwe bwino, mayiko othandiza anaimitsa ndalama za bajeti, ndalama zakunja zinasowa, ndipo galimoto zinkagona pamizere ya mafuta. Mu Meyi 2012 kwacha inagwetsedwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi, ndipo chaka chimenecho chuma chinangokula ndi maperesenti pafupifupi 2. Mu Febuluwale 2014 mgodi unaimitsa ntchito, anthu mazanamazana n'kubwerera kwawo.

Pa nthawiyi Malawi anali kale ndi msonkho wowerama, umene umadulidwa pa malipiro, wotchedwa PAYE. Kuti tione mmene umagwirira ntchito, titenge magawo amene anayamba mu Epulo 2024. K150,000 yoyamba pa mwezi inalibe msonkho. K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti, ndipo yopitirira K500,000 inkadulidwa 30 peresenti mpaka pa K2,550,000.

Tiyerekeze makaniko wokhala pa Uliwa amene amalandira K600,000 pa mwezi, kuphatikizapo ya maola owonjezera. Pa K150,000 yoyamba salipira kanthu. Pa K350,000 yotsatira amalipira K87,500, ndipo pa K100,000 yotsala amalipira K30,000. Msonkho wonse ndi K117,500, ndipo tikaika pambali za penshoni, amapita kunyumba ndi K482,500. Tsopano ntchito yachepa, maola owonjezera athetsedwa, malipiro atsika kufika pa K400,000. Msonkho wake ukhala 25 peresenti ya K250,000, imene ndi K62,500, ndipo atenga K337,500. Malipiro atsika ndi K200,000, koma m'thumba mwake mwachepa K145,000 yokha. K55,000 inayo yasenzedwa ndi boma, popanda kalata, popanda msonkhano, mwezi womwewo.

Ndalama imeneyo sigona. Amagulira usipa, ufa wa kondowole, amalipirira kabaza ndi telala, ndipo awanso amagula kwa anzawo. Apa ndi pamene pali mphamvu yake: imadula unyolo uja wa wochotsedwa ntchito kuchotsetsa mnzake. Msonkho wa makampani umatero nawonso, chifukwa umadulidwa pa phindu, ndipo phindu likatha nawo umatha. Chizindikiro chake chimaoneka ku Lilongwe: bungwe la MRA limalephera kufikira mlingo wa msonkho, ndipo mpata wa m'bajeti umakula wokha. Mpata umenewo si kulephera nthawi zonse. Pa nthawi ya kugwa kwa chuma, ndiwo umboni woti chotchinjiriza chikugwira ntchito.

Pamene chishango chimaperewera

Komabe pa Uliwa chishango chimenechi n'chaching'ono, pa zifukwa zitatu.

Choyamba, chimafikira anthu ochepa. Pafupifupi antchito 9 mwa 10 alionse m'Malawi sali pa ntchito yolembedwa. Msodzi amene mwera wamutsekera panyanja sabata yathunthu alibe PAYE yoti itsike. Ngakhale wolembedwa ntchito akachotsedwa, dziko lino lilibe inshuwaransi ya ulova. Amalandira ndalama ya kamodzi yochokera kwa bwana, malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, ndipo pakapita miyezi angathe kutapako penshoni yake, kumene kuli kudya mbewu ya ukalamba. Mbale wake wolembedwa ntchito movomerezeka ku Joni amadulidwa 1 peresenti, bwana n'kuwonjezera 1 peresenti, kupita ku thumba la UIF limene limamulipira kwa miyezi ingapo ntchito ikatha.

Chachiwiri, kugwa kwa chuma chathu kumabwera limodzi ndi kukwera kwa mitengo. Makaniko uja akakwezedwa malipiro ndi 20 peresenti pamene katundu wakwera ndi 30 peresenti, wasauka, koma gawo lokulirapo la malipiro ake likudulidwa msonkho. Msonkho wa VAT nawo umakwera limodzi ndi mtengo wa sopo ndi malata. Apa chishango chimatembenuka n'kukhala chibonga. Izi zinaoneka kwacha itagwetsedwa mu 2012, komanso itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Chachitatu, boma lingathe kuchifafaniza lokha. Kuti mpata wa m'bajeti uloledwe kukula, pafunika pokongola potsika mtengo kapena ndalama zosungidwa pa nthawi ya zokoma. Mu Juni 2011 nduna ya zachuma, a Ken Kandodo, inapereka bajeti yosafuna mpata pa ndalama zoyendetsera boma, ndipo misonkho inawonjezedwa pa katundu wa tsiku ndi tsiku pamene chuma chinali kale kulowa pansi. Zimene msonkho wowerama unasiya m'thumba, msonkho watsopano unadzatenga.

Mvula ikalamula yokha

Kuno kwathu gudumu la chuma limazungulitsidwa kwambiri ndi mvula, choncho chotchinjiriza choyenera chiyenera kumvera mvula. Mtukula Pakhomo anayamba ku Mchinji mu 2006 ndipo anafika m'maboma onse 28 pofika 2018. Amathandiza mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, pafupifupi 10 mwa 100 alionse. Ndalamayi imabwerabe chuma chikagwa, koma payokha sikula: mndandanda suwonjezeka chifukwa choti mgodi watsekedwa.

Kusintha kunayamba m'nyengo ya 2021/22, pamene boma mothandizidwa ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse linakhazikitsa lamulo latsopano ku Blantyre, Ntcheu ndi Thyolo. Makina a mumlengalenga amayeza mvula. Ikachepa kupitirira mlingo umene anagwirizana nyengo isanayambe, mabanja a Mtukula Pakhomo amalandira ndalama yowonjezera kuchokera ku thumba lokonzedweratu. Chaka choyambacho zinachitikadi ku Ntcheu, ndipo nyengo yotsatira Karonga inalowa m'ndondomekoyi. Ili ndi malire ake: imamva chilala, siimva kugwa kwa mtengo wa yureniyamu, ndipo makina angaone mvula yokwanira m'boma lonse pamene mudzi wina wapserera. Koma mfundo yake ndi yomwe ija: mlingo, ndalama ndi mayina zimakonzedwa kunja kukadali bata.

Mgodi wa Kayelekera, umene tsopano uli m'manja mwa kampani ya Lotus, unayambanso ntchito mu 2025 mtengo wa yureniyamu utakwera. Gudumu lazunguliranso. Ino ndiyo nthawi yokambirana zinthu zitatu: kuti magawo a PAYE azisuntha okha malinga ndi kukwera kwa mitengo, kuti antchito olembedwa akhale ndi thumba la ulova, ndi kuti gawo la msonkho wa migodi lizisungidwa. Msodzi wa ku Chilumba samata bwato mwera utayamba. Amamata kumtunda, nyanja ili zii, podziwa kuti mphepoyo ibweranso.