Kuyesa pofananiza

Kuyesa pofananiza ndi njira yodziwira mtengo kapena dzina limene limakopa ogula, poika katundu wofanana m'magulu awiri osiyana chinthu chimodzi chokha. Wogulitsa nyemba pamsika wa Lundazi angagulitse chitini pa K20 Lachiwiri lina ndi K25 Lachiwiri lotsatira, koma kufananiza tsiku limene alimi alandira ndalama za thonje ndi tsiku wamba kumasocheretsa, popeza chasintha ndi matumba a ogula osati mtengo wokha. Chowerengedwa ndi phindu, chifukwa ngati chitini anachigula pa K15, zitini 30 pa K20 zimabweretsa K150 pamene zitini 20 pa K25 zimabweretsa K200, choncho mtengo wogulitsa zochepawo ndiwo wopambana.