Chizindikiro cha bizinesi: mitundu yake inayi

Chizindikiro, chomwe ambiri amati logo, sichikhala cha mtundu umodzi. Gulu la alimi a mtedza ku Kamwendo, logulitsa mpaka ku Chipata kudzera pa chipata cha Mwami, lingakhale ndi chizindikiro cha khoko la mtedza lofiirira, masamba obiriwira ndi dzina lakuda. Chizindikirochi chimafunika kukonzedwa kanayi kuchokera pa fayilo ya SVG, imene siwonongeka poikulitsa.

Pa malo akuda: dzina lisanduke loyera, ndipo kubiriwira kuwalitsidwe. Fayilo ya PNG yopanda mtundu kumbuyo ndiyo yoyenera. JPEG imasiya bokosi loyera mozungulira chizindikiro.

Pa chidindo: inki ndi imodzi, choncho zonse zikhale zakuda kapena zoyera, popanda mithunzi. Khoko ndi masamba zilekanitsidwe ndi mpata woonekera, chifukwa inki imafalikira n'kutseka timipata. Ngati mkati mwa chilembo a mwadzaza inki, zilembozo zachepa.

Pa malaya: makina opeta sawerenga chithunzi, amafuna fayilo ya misoko monga DST. Zilembo zosakwana mamilimita 5 zimangosanduka mfundo za ulusi, ndiye mawu ang'onoang'ono achotsedwe. Muyambe mwapeta pa kansalu kofanana ndi ka malayawo.

Pa foni: dzina lichoke, litsale khoko lokha. WhatsApp imadula chithunzi cha pa profile mozungulira, motero khokolo likhale pakati, kutali ndi ngodya. Mukalichepetsa kufika pa mapikiselo 48, lizizindikirikabe kuti ndi mtedza.