"Mzatiwu Tamanga": Mawu Amene Sakukwanira pa Chitsulo

Pa malo omanga mumamva mmisiri akunena kuti, "Mzatiwu tamanga, pansi ndi pamwamba pomwe." Sakunama. Koma mawu akuti kumanga akusenza zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mzati wachitsulo umazisiyanitsa ngakhale ife titazisakaniza. Pa nsonga iliyonse ya mzati tiyenera kufunsa kawiri. Kodi nsongayi ingapendeke, kutembenukira pomwe yalumikizidwapo? Nanga ingasunthire cham'mbali? Ndikupempha kuti tizinena kuti "yoletsedwa kupendeka" ndi "yoletsedwa kusuntha", aliwonse payekha, osawameza onse m'mawu amodzi.

Chifukwa chake n'chakuti mzati wautali ndi woonda sudikira kuti chitsulo chiphwanyike. Umayamba wapindika, monga limachitira phesi la chimanga mukalitsamira kuchokera pamwamba. Leonhard Euler anaonetsa zimenezi mu 1744, ndipo masiku ano timazilemba motere: Pcr = π²EI/(KL)². Apa L ndi kutalika koyeza ndi tepi. KL ndi chinthu china, chimene ine ndimachitcha kutalika kowerengera, ndiko kuti kutalika kwa uta umodzi wathunthu umene mzati umapinda. Amene amangoti "kutalika" osanena kuti ndi kuti kwa kuwiriku, amasiya mnzake akuwerengera cholakwika.

K amachokera ku mayankho a mafunso awiri aja. Nsonga zonse zikaletsedwa kusuntha koma zili zomasuka kupendeka, zimene mainjiniya amati zili pa pini, K ndi 1.0. Zonse zikaletsedwa kusuntha ndi kupendeka komwe, masamu amapereka 0.5, koma malangizo a AISC ku Amereka amati tigwiritse 0.65, poti palibe cholumikizira chogwira kotheratu. Imodzi ikagwidwa kotheratu, inayo ili pa pini, masamu amati 0.7, malangizowo 0.8. Tsono pansi pakagwidwa kotheratu koma mutu uli womasuka kupendeka ndi kusuntha, K amakwera kufika 2.0, ndipo pokonza mapulani amatenga 2.1.

Titenge paipi yachitsulo yozungulira ya mamilimita 114.3 m'mimba mwake poyeza kunja, yochindikala mamilimita 4, yotalika mamita 4, yonga imene imachirikiza denga la shedi. Nambala yake ya r, imene imasonyeza mmene chitsulo chatalikirana ndi pakati pa paipi, ili pafupifupi mamilimita 39. Mutu wake ukagwidwa ndi zitsulo zopingasa za m'khoma ndi m'denga kuti usasunthe, ndipo nsonga zonse zili pa pini, KL ndi mamilimita 4,000, KL/r ndi 103. Potenga E kukhala 200,000 N/mm², katundu wa Euler ali pafupi ndi 260 kN. Umenewu si katundu wololedwa. Wololedwa amakhala wocheperapo ndithu, chifukwa palibe paipi yowongoka bwinobwino ndipo katundu sagwera pakati penipeni.

Tsopano chotsani zopingasazo, mwina chifukwa mwini shedi akufuna khomo lalikulu. Denga likadali pamutu pa mzati, mabawuti ali omanga, ndipo mmisiri anenabe kuti "tamanga". Koma denga lonse likhoza kutsetserekera mbali imodzi, kutenga mitu ya mizati yonse pamodzi. Ngati tsinde lagwidwa kotheratu, K ndi 2.1, KL ndi mamilimita 8,400, KL/r ndi 215, ndipo katundu wa Euler watsikira pafupi ndi 59 kN. Paipi ndi yomweyo, tepi ikuwerenga chimodzimodzi, koma mphamvu yatsala yosafika gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndipo ngati tsindelo lili pa mbale yachitsulo yopyapyala ya mabawuti awiri, ilo ndi pini, ndiye kuti palibenso chogwira shediyo kuti isagwere cham'mbali.

KL/r ndiyo ndimakonda kuitcha kuonda kwa mzati, bola tikumbuke kuti si kuonda koona ndi maso. Mzati wooneka wonenepa wonga chilembo cha I uli ndi r ziwiri, ndipo kawirikawiri yaing'onoyo ndiyo imalamula, pokhapokha mbali yofookayo itagwidwa chapakati. Muyezo wa SANS 10162-1 wa ku South Africa umati kuonda kwa chitsulo chopanikizidwa kusapitirire 200, ndipo AISC imalangiza nambala yomweyo. BS 5950 ya mu 1990 inkaika 180 pa zitsulo zosenza katundu wina osati mphepo yokha. Eurocode 3 siika malire otere. Imangochepetsa mphamvu yololedwa kuonda kukamakula.

Pomwe timalakwitsanso polankhula ndi apa: mzati wa kuonda kwa 190 ena amati "wakhoza". Sunakhoze kanthu, wangololedwa kuti uwerengeredwe. Malirewo amateteza ku chitsulo chopindika pochinyamula, pochiimika, kapena chogwedezeka. Kusenza katundu kumayesedwa padera. Choncho papulani pazilembedwa K amene watengedwa, mbali imene watengedwera, ndi chitsulo chenicheni chimene chikuletsa mutu kusuntha, kuti wofuna kuchichotsa adziwe kuti ayambe wafunsa injiniya.