Tanthauzo la mawu oti падеж

Mawu a Chirasha oti падеж, omwe amamveka ngati "padyeshi", amatanthauza kusintha kwa mathero a dzina malinga ndi ntchito yomwe dzinalo likugwira m'chiganizo, ndipo chiyankhulochi chili ndi mitundu 6 ya kusintha kotereku. M'mapepala a ntchito zoyeserera za ophunzira amene adutsa gawo loyamba, dzina limaperekedwa lisanasinthidwe kuti wophunzira alembe mathero oyenera mperekezi amene walitsogolera.

Mperekezi в ndi amene amasokoneza kwambiri, chifukwa amalola mitundu iwiri. Chiganizo chikamayankha funso loti где, kufunsa komwe chinthu chili, dzina loti школа, sukulu, limakhala в школе, koma chikamayankha loti куда, kufunsa komwe chinthu chikupita, limakhala в школу. Pachichewa "kusukulu" sasintha, munthu akhale ali komweko kapena akupita, choncho wophunzira ayenera kuyang'ana mneni asanalembe kanthu, popeza mneni wosonyeza ulendo ndiye amafuna в школу.

Lamulo loti -е asonyeza komwe chinthu chili limapunthwa pa mayina othera ndi -ия, n'chifukwa chake Россия imakhala в России. Msampha woposa uli pa лес, nkhalango: в лесу amatanthauza kukhala m'nkhalango ngakhale mathero ake akufanana ndi a в школу, pamene kulowamo ndi в лес, dzina losasintha konse. Mayina otere, monga сад, munda wa zipatso, amafunika kungowaloweza pamtima.